Mphindi ya Masekondi 61

Usiku wolowera chaka cha 2017, mawotchi ovomerezeka a dziko lonse anasonyeza nthawi yomwe mwana wasukulu ataiyika pa mayeso aphunzitsi angam'chongere molakwa. Pa nthawi ya padziko lonse yomwe imatchedwa UTC, masekondi omaliza a 31 Disembala 2016 anayenda chonchi:

```
23:59:59
23:59:60
00:00:00
```

Mphindi yomaliza ya chakacho inali ndi masekondi 61. Kuno kwathu, poti nthawi yathu ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, sekondi yachilendoyi inafika chaka chatsopano chitalowa kale, nthawi ili 01:59:60 mbandakucha wa 1 Januwale, ena akadali kutchalitchi, ena ali mkati movina. Palibe anaimva. Inali sekondi yowonjezera ya nambala 27 chiyambire mchitidwewu mu 1972, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 panali pasanawonjezedwenso ina.

Ambiri akamva zimenezi amafulumira kuganiza kuti dziko lapansi likutopa, kuti chaka chilichonse kapena ziwiri likumachedwa ndi sekondi yathunthu pozungulira. Zikanakhala choncho bwenzi tili m'madzi, chifukwa pakutha kwa zaka mazana ochepa tsiku likanatalika moti aliyense akanadandaula. Nkhani yake ndi ina. Tili ndi njira ziwiri zowerengera nthawi, ndipo njira ziwirizi sizigwirizana ndendende.

Njira yoyamba ndi ya makolo a anthu onse: dzuwa. Dziko limazungulira kamodzi, dzuwa n'kubwerera pamutu, limenelo ndi tsiku. Tsikulo analigawa m'maola 24, ola m'mphindi 60, mphindi m'masekondi 60, kutanthauza kuti sekondi inali gawo limodzi mwa magawo 86,400 a tsiku. Kwa zaka zambirimbiri palibe wotchi yopangidwa ndi munthu yomwe inkaposa dziko posunga nthawi. Wotchi ikasemphana ndi nyenyezi, wolakwa anali wotchi, ndipo ankaikonza.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1900. Mawotchi atayamba kulondola kwambiri, akatswiri anaona kuti kusemphana kwina sikunali kwa wotchi. Dziko lenilenilo ndi lomwe linkati lero lafulumira pang'ono, mawa lachedwa pang'ono. Mu 1955, Louis Essen ndi mnzake Jack Parry, ku National Physical Laboratory ku Teddington m'dziko la Britain, anapanga wotchi yoyamba yodalirika yoyendera maatomu a siziyamu. Atomu ya siziyamu imayankha mafunde a wailesi a liwiro limodzi lokha, ndipo liwirolo ndi lomwelo kaya muli ku Paris kaya ku Zomba, lero ngakhale zaka chikwi zikubwerazi. Mukawerenga kugunda kwa mafundewo, mwapeza muyeso wa nthawi womwe sudalira nyengo kapena mwezi. Mu 1967 mayiko anagwirizana kuti sekondi ndi nthawi yomwe mafunde amenewa amagunda ka 9,192,631,770. Mawotchi otere alipo mazana angapo m'malo ofufuzira a mayiko osiyanasiyana, ndipo bungwe la BIPM, lomwe lili ku Sèvres pafupi ndi Paris, limaphatikiza zomwe onsewo akusonyeza n'kutulutsa nthawi imodzi ya maatomu yotchedwa TAI.

Nambala yaitaliyo sanangoitola. Anaisankha kuti igwirizane ndi sekondi yomwe akatswiri a zakuthambo ankagwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndipo sekondi imeneyo inachokera ku matebulo a kayendedwe ka dzuwa omwe Simon Newcomb anakonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pogwiritsa ntchito zomwe anthu anaona kumwamba kuyambira cha m'ma 1750. Zotsatira zake n'zakuti sekondi ya maatomu ikufanana ndi sekondi ya tsiku la cha m'ma 1820, osati la lero. Pamene inkakhazikitsidwa, dziko linali litachedwa kale poyerekeza ndi nthawi imeneyo. Sekondi yathu inabadwa ili yofupikirapo pang'ono.

Pang'ono pake ndi potani? Tiyerekeze kuti tsiku lenileni, loyezedwa ndi wotchi ya maatomu, ndi lalitali masekondi 86,400.002. Latalika ndi mamilisekondi awiri okha, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Munthu akaphethira amatha mamilisekondi oposa 100. Koma kusiyanaku kuli ngati ngongole ya m'kabuku ka pagolosale: mukamatenga machesi amodzi tsiku lililonse osalipira, mtengo wa machesi sufunika kukwera kuti ngongole ikule. Lero mamilisekondi awiri, mawa awiri ena, pakutha kwa masiku 500 yakwana sekondi yathunthu. Dziko silinachedwe kuposa momwe linalili pa tsiku loyamba, koma wotchi ya maatomu yatsogola ndi sekondi imodzi. Sekondi yowonjezera ndi tsiku lobweza ngongoleyo. Wotchi imadikira dziko kwa sekondi imodzi, kabuku n'kuyambiranso.

Ndi chifukwa chake m'zaka za m'ma 1970, pamene tsiku linali lalitali ndi mamilisekondi pafupifupi atatu, sekondi inkawonjezedwa kumapeto kwa chaka chilichonse kuyambira 1972 mpaka 1979, ndipo 1972 yokha inalandira ziwiri. Kenako dziko linafulumirako, ndipo kuchokera kumapeto kwa 1998 mpaka kumapeto kwa 2005 panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri popanda kuwonjezera kanthu.

Chimachedwetsa dziko n'chiyani? Wamkulu pa onse ndi mwezi. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zamchere, madziwo n'kumakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, monga amadziwira aliyense amene anakhalapo ku Beira kapena ku Nacala. Madzi amenewa amakhulana ndi pansi pa nyanja ndi magombe, ndipo kukhulanako kumagwira dziko ngati mabuleki. Mphamvu ya kuzungulira yomwe dziko limataya siimasowa, imapita kwa mwezi, womwe ukutalikira kwa ife ndi masentimita pafupifupi 3.8 pa chaka. Zimenezi amaziyeza powombera kuwala kwa leza pa magalasi omwe anthu a maulendo a Apollo anasiya pamwezi. Pakutha kwa zaka 100 zilizonse tsiku limatalika ndi mamilisekondi pafupifupi awiri. Zolemba zakale za ku Babulo ndi ku China zonena malo omwe kadamsana anaonekera zimachitira umboni zimenezi: dziko likanakhala kuti lakhala likuzungulira pa liwiro la lero, mthunzi wa kadamsanayo ukanagwera kutali ndi mizinda yomwe alembiwo anali.

Mwezi ukanakhala wokha, bwenzi masekondi owonjezera atalembedwa kale pa kalendala mpaka zaka mazana, monga timadziwira kuti Febuluwale akhala ndi masiku 29 chaka chakuti. Koma pali ena osokoneza, ndipo pa zaka makumi ochepa mphamvu yawo imaposa ya mwezi. Pakatikati pa dziko pali chitsulo chosungunuka chomwe chimayenda, ndipo chikamasinthana mphamvu ndi miyala yomwe yachikuta, ife a pamwamba timafulumira kapena kuchedwa kwa zaka makumi angapo. Mphepo zikuluzikulu za mumlengalenga zimasintha utali wa tsiku ndi milisekondi imodzi kapena kuchepera apo chaka chilichonse, moti masiku a Julayi ndi Ogasiti ndi omwe amakhala afupi kwambiri. El Niño, yemwe alimi athu amamudziwa ndi chilala, amatalikitsanso tsiku pang'ono chifukwa amalimbitsa mphepo zolowera kum'mawa. Zivomerezi zimatchuka m'nyuzi koma gawo lawo ndi lochepa: chachikulu chija cha ku Japan mu 2011 akuti chinafupikitsa tsiku ndi magawo osakwana awiri mwa magawo miliyoni a sekondi. Zonsezi zikaphatikizana, palibe angalosere bwinobwino momwe dziko lidzazungulirire zaka zisanu zikubwerazi. Chotsala ndi kuyeza basi.

Kuyezako kumachitika ndi madishi akuluakulu omvera mafunde ochokera kuthambo. Kutali kwambiri, kuseri kwa milalang'amba, kuli zinthu zowala zotchedwa makwasa, zomwe chifukwa cha kutalika kwake zimaoneka ngati sizisuntha n'komwe. Madishi awiri kapena angapo a m'makontinenti osiyana amaloza kwasa imodzi nthawi imodzi, lililonse n'kulemba nthawi yomwe funde lafika. Poti dziko likuzungulira, funde limafika pa dishi lina msanga kuposa linzake, ndipo kusiyanako kumaulula pomwe dziko lafika pa kuzungulira kwake. Limodzi mwa madishi amenewa lili ku Hartebeesthoek, kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, ndipo ndi lofunika chifukwa kum'mwera kwa dziko madishi otere ndi ochepa. Nthawi yotuluka m'miyeso imeneyi, nthawi ya dziko lenileni, imatchedwa UT1.

Tsono UTC, yomwe ili m'foni mwanu, ndi mwana wa makolo awiri. Kutalika kwa sekondi yake amatenga ku maatomu, koma lamulo limati isasiyane ndi UT1 kuposa masekondi 0.9. Oyang'anira lamuloli ndi bungwe la IERS, ndipo ofesi yake ya ku Observatoire de Paris imatulutsa kachikalata kotchedwa Bulletin C kawiri pa chaka, mu Januwale ndi mu Julayi. Kachikalatako ndi ka mizere yochepa, ndipo kamangonena ngati kumapeto kwa Juni kapena kwa Disembala kukhale sekondi yowonjezera kapena ayi. Mu Julayi 2016 kanati inde. Pofika 31 Disembala, UT1 inali m'mbuyo mwa UTC ndi masekondi pafupifupi 0.4. UTC itadikira sekondi imodzi, UT1 inakhala patsogolo ndi pafupifupi 0.6, ndipo kusiyana kwa TAI ndi UTC kunachoka pa 36 kufika pa 37. Mwa masekondi 37 amenewo, 10 ndi omwe analipo kale pa 1 Januwale 1972, ndipo 27 ndi owonjezera aja.

Malire a 0.9 anaikidwa poganizira amalinyero. Woyendetsa sitima ya pamadzi wa m'ma 1970 ankapeza malo ake poyeza kutalika kwa nyenyezi kapena dzuwa, n'kuyerekeza ndi nthawi yomwe wamva pa wailesi. Pa mzere wa ikweta dziko limathamanga mamita pafupifupi 465 pa sekondi, choncho kulakwitsa nthawi ndi sekondi imodzi ndi kulakwitsa malo ndi pafupifupi theka la kilomita. Lero amalinyero ali ndi GPS, ndipo chodabwitsa n'chakuti GPS yomweyo siiwonjezera masekondi. Nthawi yake inayamba yofanana ndi UTC mu Januwale 1980, n'kumangoyenda osadikira aliyense, moti tsopano ili patsogolo ndi masekondi 18. Masetilaiti amatumiza nambala 18 imeneyi pamodzi ndi uthenga wawo, foni yanu n'kuchotsera yokha.

Amene amavutika ndi sekondiyi ndi makompyuta. Ambiri mwa iwo amasunga nthawi ngati nambala imodzi ya masekondi omwe adutsa chiyambire 1 Januwale 1970, ndipo m'kuwerenga kumeneku tsiku lililonse lili ndi masekondi 86,400 osaposa, osachepera. Malo a 23:59:60 mulibemo. Ndiye ikafika, makina ambiri amabwerera m'mbuyo sekondi imodzi n'kubwereza sekondi yomaliza ya tsikulo kawiri. Kwa munthu zimenezi n'zosaoneka. Kwa pulogalamu yomwe inalembedwa ndi chikhulupiriro chakuti nthawi siibwerera m'mbuyo, ndi dzenje.

Zomwe zinachitikira kampani ya Cloudflare usiku uja wa 2016 zimaonetsa bwino momwe dzenjelo limagwetsera, ndipo kampaniyo inafotokoza yokha poyera. Imodzi mwa ntchito zake ndi kusandutsa dzina la malo a pa intaneti kukhala nambala yomwe makina amagwiritsa ntchito. Pulogalamu yake yotchedwa RRDNS, ikafuna yankho lomwe ilibe, imafunsa makina ena, ndipo pofuna kudziwa makina ofulumira imayeza nthawi yomwe aliyense watenga poyankha. Kuyezako n'kwa masamu a sitandade 2: nthawi yomwe yankho lafika, kuchotsapo nthawi yomwe funso linatumizidwa. Kawirikawiri zimatuluka mamilisekondi angapo. Koma taganizani funso lomwe lanyamuka wotchi isanabwerere m'mbuyo, yankho n'kufika itabwerera. Pa wotchi ya makinawo, yankho lafika funso lisanafunsidwe. Masamu amatulutsa nambala ya pansi pa ziro.

Nambala imeneyo inaperekedwa ku kachigawo kena ka pulogalamu, `rand.Int63n`, komwe ntchito yake ndi kuchita maere posankha makina oti afunsidwe. Kachigawoko sikalandira nambala ya pansi pa ziro, ndipo kakaipatsidwa kamaimitsa ntchito yonse yomwe ili m'manja. Olemba pulogalamuyo anali ataganizirapo za ziro, koma za pansi pa ziro ayi, poti ndani angaganize kuti ulendo ungathe usanayambe? Zinthu zitafika poipitsitsa, mafunso pafupifupi awiri pa 1,000 alionse ankalephera, ndipo ena mwa omwe ankatsegula masamba a makasitomala a kampaniyo ankangoona uthenga wa vuto. Mankhwala ake anali kusintha chizindikiro chimodzi, `==` kukhala `<=`, kuti pulogalamu izigwira ziro ndi chilichonse cha pansi pake. Makina okhudzidwa kwambiri anakonzedwa m'mphindi 90, ena onse m'maola otsatira, akatswiri ali pa ntchito usiku wa chaka chatsopano. Patapita miyezi ingapo, chilankhulo cha Go chomwe pulogalamuyo inalembedwamo chinasinthidwa kuti poyeza utali wa nthawi chizidalira wotchi ina ya mkati mwa makina yomwe imangopita kutsogolo.

Cloudflare inapepukidwa poyerekeza ndi za 30 Juni 2012. Tsiku limenelo cholakwika china mkati mwa Linux chinachititsa makina ambiri kuyamba kudzizungulira pa ntchito yopanda pake mpaka kukanika kuyankha. Reddit inagwa, ndipo makina osungitsira malo m'ndege a Amadeus atasokonezeka, okwera ndege za Qantas ku Australia analembedwa pamanja, maulendo n'kuchedwa. Chomwe chimapweteka n'chakuti cholakwika chotere chimatha kugona zaka zambiri osaoneka, chifukwa chomwe chimachidzutsa chimabwera mwa apo ndi apo, pa chenjezo la miyezi isanu ndi umodzi yokha.

Makampani ena anapeza njira yozembera. Google imatenga sekondiyo n'kuimwaza m'maola 24, kuyambira masana a tsiku lomaliza mpaka masana a tsiku lotsatira, sekondi iliyonse n'kutalikitsidwa ndi kachigawo kosamveka. Palibe 23:59:60, palibe kubwerera m'mbuyo. Nzeru yake ndi yabwino, koma mtengo wake ndi wakuti pakati pa usiku makina omwaza ndi makina osamwaza amasiyana ndi theka la sekondi, ndipo si onse omwaza amamwaza mofanana. Kwa munthu wotumiza uthenga kwa mlamu wake theka la sekondi si kanthu. Kwa misika ya masheya, komwe amafuna kudziwa amene anagula poyamba, kapena kwa oyang'anira magetsi omwe amafufuza kuti waya unayamba kuzima ndi uti, ndi nthawi yaitali. Chinthu chomwe chinapangidwa kuti tonse tikhale pa nthawi imodzi chimabala nthawi zingapo pa tsiku lomwelo.

M'malingaliro anga, apa ndi pomwe mlandu wa sekondi yowonjezera umagwera. Oiteteza amati nthawi ya anthu iyenera kutsata dzuwa, ndipo mawuwo amakoma m'khutu. Koma onani momwe tikukhalira kale. Nthawi ya Malawi ndi ya mzere wa madigiri 30 kum'mawa, womwe umadutsa m'Zambia ndi m'Zimbabwe. Lilongwe ili pafupi ndi madigiri 34, ndipo digiri iliyonse ndi mphindi zinayi, choncho dzuwa la ku Lilongwe limafika pamutu mphindi pafupifupi 15 wotchi isanakwane 12 koloko. Ku Mongu, kumadzulo kwa Zambia, wotchi ndi yomweyo koma dzuwa limachedwa ndi pafupifupi theka la ola. Pamwamba pa izo, masana enieni amasuntha okha m'kati mwa chaka ndi mphindi zofika 16, chifukwa dziko ndi lopendekeka ndipo njira yake yozungulira dzuwa si yobulungira ndendende. Palibe anapitapo kwa amfumu kukadandaula. Titasiya kuwonjezera masekondi lero, kusiyana kwa wotchi ndi dzuwa kungafike mphindi imodzi patapita zaka pafupifupi 100. Omwe amafunikiradi UT1, monga oloza matelesikopu ndi oyendetsa zombo za m'mlengalenga, amaitenga kale ku IERS molondola kuposa momwe UTC ingawapatsire.

Mayiko afika pa maganizo omwewa. Mu Novembala 2022, msonkhano waukulu wa za miyeso womwe unachitikira ku Versailles unagamula kuti pofika 2035 malire a 0.9 akulitsidwe, zomwe zikutanthauza kuti masekondi owonjezera adzasiyidwa kwa nthawi yaitali. Russia inafuna kuti tsikulo likankhidwire kutsogolo, mwa zina chifukwa masetilaiti ake a GLONASS, mosiyana ndi GPS, amatsata masekondi owonjezera. Chigamulocho sichinatchule malire atsopano, kaya mphindi imodzi kaya kuposa apo. Chinasiyira akatswiri kuti akonze dongosolo.

Pakadali pano dziko layamba kuchita zomwe olemba malamulo a 1972 analola pa pepala koma palibe anaziyesapo. Kuyambira 2020 lakhala likuzungulira mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire mawotchi a maatomu. Pa 29 Juni 2022 tsiku linaperewera mamilisekondi 1.59 pa 86,400, ndipo pa 5 Julayi 2024 linaperewera 1.66. Zikapitirira, ngongole idzatembenuka, ndipo padzafunika kuchotsa sekondi: wotchi idzachoka pa 23:59:58 n'kudumphira pa 00:00:00. Mu 2024 Duncan Agnew wa ku Scripps Institution of Oceanography analemba m'magazini ya Nature kuti zimenezi zikhoza kufunika cha mu 2029, ndipo zikanabwera zaka zitatu m'mbuyo mwake pakanapanda kusungunuka kwa madzi oundana a ku Greenland ndi ku Antarctica. Madzi osungunukawo amayenderera kulowera ku ikweta, kulemera n'kutalikira pa mzere womwe dziko limazungulirapo, ndipo zimenezo zimalichedwetsa pang'ono. Ena owerengera akuti mwina dziko libwerera mwakale tisanafike pamenepo.

Ngati sekondi yowonjezera, yomwe yachitika ka 27, inkagwetsabe makina mu 2012 ndi mu 2016, ndiye yochotsa, yomwe mapulogalamu ambiri sanakumanepo nayo kunja kwa chipinda choyesera, ndi yomwe ikusowetsa tulo oyang'anira nthawi. N'chifukwa chake ena mwa iwo akufuna kuti malire atsopano ayambe kugwira ntchito 2035 isanafike.